Simunasinthe fonti, amwene, mwasintha dzina

Pagulu lililonse la WhatsApp, kaya la anzathu akusukulu, la kutchalitchi kapena la banki m'khonde, simulephera kupeza munthu amene dzina lake likuoneka ngati lalembedwa pa khadi la ukwati. Zilembo zopendekeka, zamichira, zina zakuda bii ngati za pa satifiketi yakale, uku ndi uku kuli timapiko. Pa TikTok ndi pa Instagram ndiye osanena. Mukamufunsa, yankho ndi limodzi: “Ndangosintha fonti basi.” Yankho limeneli ndi limene ndikufuna kulimbana nalo, chifukwa si loona, ndipo pali anthu amene bodzali limawavutitsa tsiku lililonse mwini dzina osadziwa.

Tiyambe ndi mmene foni imasungira mawu. Foni sisunga zithunzi za zilembo, imasunga manambala. Pali mndandanda umodzi umene dziko lonse linagwirizana, wotchedwa Unicode, ndipo m'menemo chilembo chilichonse chili ndi nambala yake komanso dzina lake. T wamkulu amene tinaphunzira ku sitandade 1 ndi `U+0054`. Mukatumiza T, chimene chimayenda pa netiweki ndi nambalayo. Foni ya mnzanu ikailandira imapita m'mafonti amene ili nawo, n'kutenga chithunzi chogwirizana ndi nambalayo, n'kuchiika pa sikirini. Fonti ndi chovala chabe. Mukasintha fonti polemba kalata pa kompyuta, T amavala suti kapena chitenje, koma mkati adakali T yemwe uja, nambala yake sinasunthe.

Tsono bokosi lolembamo dzina pa WhatsApp kapena pa Instagram silinyamula zovala. Limalandira manambala a zilembo okha, ndipo palibe njira yotumizira fonti kudzera m'menemo. Ndiye mawebusayiti aja odzitcha `font generator` amachita bwanji kuti dzina lanu lituluke litapendekeka? Amachotsa T wanu n'kuikapo chinthu china chongofanana naye nkhope. Amaika 𝒯, amene nambala yake ndi `U+1D4AF`, ndipo dzina lake m'kaundula ndi `MATHEMATICAL SCRIPT CAPITAL T`. Mawu oyambawo akunena zonse. Chimenechi ndi chizindikiro cha masamu.

Zizindikiro zimenezi zinalowa mu Unicode mu 2001, zili pakati pa `U+1D400` ndi `U+1D7FF`, ndipo anaziikamo pa chifukwa chomveka. M'masamu ndi m'fizikisi, kaonekedwe ka chilembo kamasintha tanthauzo. H wonenepa, H wopendekeka ndi H wamichira akhoza kukhala m'samu imodzi, aliyense akuimira chinthu chake, moti mukawasandutsa onse H wamba, samuyo yafa. Amene anafika ku yunivesite ndi masamu akumudziwa ℝ wa mizere iwiri uja, yemwe amaimira gulu lapadera la manambala, osati R wina aliyense. Eni ake a Unicode analemba poyera kuti zizindikirozi si zokometsera mawu wamba. Eni mawebusayiti aja amadziwa zimenezi bwinobwino, chifukwa sungapange chida chotere osatsegula kaundulayo. Koma amalembabe kuti fonti, poti mawu akuti “sandutsa dzina lako likhale samu” sangakope munthu, ndipo iwo amadyera pa zotsatsa malonda zimene zimakuzungulirani pamene mukukopera.

Titenge dzina limodzi tiliyendetse njira yonse. Thokozani. Zilembo 9, dzina loti wina aliyense kwathu kuno alitchula ali m'tulo. Mukaliika m'chida chija n'kusankha kalembedwe kamichira kopyapyala, mutenga 𝒯𝒽ℴ𝓀ℴ𝓏𝒶𝓃𝒾. Ndi maso likuoneka banja limodzi, koma si banja limodzi. T, h, k, z, a, n ndi i achokera m'chigawo cha masamu cha 2001 chija. Ma o awiriwo achokera kwina. Chimene chinachitika n'chakuti zilembo zingapo zamichira, kuphatikizapo e, g ndi o zazing'ono, zinali kale mu Unicode chigawo cha masamucho chisanabwere, ndiye sanazilembenso kachiwiri, anangosiya mipata m'malo mwake. Motero o wa Thokozani ndi `U+2134`, wokhala kutali kwambiri ndi anzakewo. Mawebusayiti ena aulesi samutenga n'komwe ameneyu, amangobwereka o wa kalembedwe kena n'kutseka naye mpatawo. Ngati munaonapo dzina lamichira limene e kapena o wake akuoneka ngati mlendo pakati pa anzake, chifukwa chake n'chimenechi. Ma o awiriwa muwasunge m'mutu, tikumana nawonso.

Tsopano dzinali lafika pa foni ya munthu wosaona. Anthu ambiri oona sadziwa zoti anthu osaona ali pa WhatsApp ndi pa Facebook ngati ife tomwe, ndipo ena amayendetsa foni mofulumira kuposa ife. Amagwiritsa ntchito pulogalamu yowerenga sikirini: pa Android ndi TalkBack, pa iPhone ndi VoiceOver, pa kompyuta ambiri ndi NVDA kapena JAWS. Amayendetsa chala pa galasi, foni imalankhula chimene chalacho chafikapo, akafuna kutsegula amagogoda kawiri. Pulogalamuyi siyang'ana sikirini ngati mmene diso lichitira. Imafunsa foni kuti pamenepa pali manambala ati, n'kuwapereka kwa liwu lowerenga. Ikapatsidwa Thokozani wamba, liwu limaphatikiza zilembo n'kutchula dzina. Nthawi zambiri ndi liwu la Chingerezi, limalitchula mopotoka ngati mzungu wongofika kumene, koma khutu lozolowera limamva kuti ndi Thokozani.

Ikapatsidwa Thokozani wamichira, liwu lilibe malamulo ophatikizira zizindikiro za masamu kukhala mawu. Zimene zimachitika zimatengera pulogalamu, liwu limene munthu anasankha, komanso kuti zinthuzo n'zatsopano bwanji, koma njira zoipa zimene zimabwerabwera ndi ziwiri. Yoyamba, imawerenga dzina la chizindikiro chilichonse palokha: `mathematical script capital T`, `mathematical script small h`, `script small o`, mpaka kukafika pa i. Werengani nokha. Zizindikiro 7 za mawu 4 chilichonse, ndi ziwiri za mawu 3, pamodzi mawu 34 m'malo mwa dzina limodzi. Ndipo munthuyo ayenera kutola chilembo chomaliza pa kagulu kalikonse, n'kuzisunga m'mutu, n'kuzilumikiza yekha. Yachiwiri, liwu limangolumpha zimene silikuzidziwa. Zii. Pamene panali dzina palibe kanthu, meseji ikuwerengedwa koma mwini wake sakudziwika.

Ganizirani zimenezi pa gulu la WhatsApp la anthu ambiri, pamene ambiri manambala awo simunawasunge. Kwa munthu amene simunamusunge, chimene chimaoneka pamwamba pa meseji ndi dzina limene iye mwini anadzilembera. Thokozani ndi wokonda kucheza, watumiza timameseji 10 tatifupitifupi pa nthawi zosiyana, “eya”, “zoona”, “kkkk”. Mnzathu wosaona amve mawu 34 aja asanamve “eya” aliyense. Kapena amve “eya” wopanda mwini, pa nkhani ya zopereka za maliro pamene kudziwa amene wavomera n'kofunika. Amene amawerenga ndi zala pa chipangizo cha zilembo za anthu osaona nayenso sapulumuka, chifukwa zizindikiro zimene sizili pa tebulo la chipangizocho nthawi zambiri zimatuluka ngati manambala ataliatali kapena zinthu zosamveka.

Wina anena kuti, “Pa anzanga palibe wosaona.” Mukudziwa bwanji? Munthu salemba pa pulofailo yake kuti ndimamvera foni. Komanso owerengetsa foni si osaona okha. Pali a maso ofooka, pali achikulire amene tizilembo tating'ono tinawakana, pali amene kuwerenga kumawavuta n'kale ndipo zilembo zamichira zimangowonjezera minga. Koma chabwino, tisiye za khutu, tibwere kwa oona bwinobwino amene ali ndi foni ina.

Foni imajambula chilembo pokhapokha ngati mwa mafonti ake muli imodzi yokhala ndi chithunzi cha nambala imeneyo. Ikasowa mu fonti yaikulu imafunsa ina, kenako ina, ikasowa monsemo imajambula kabokosi kopanda kanthu. Anthu a makompyuta amakatcha tofu, potengera chakudya cha soya chodulidwa timabokosi, ndipo mafonti a Google otchedwa Noto anawapatsa dzinalo chifukwa cholinga chawo n'kuthetsa tofu ameneyu. Koma mafonti amadya malo. Wopanga foni ya mabatani, kapena simatifoni yotsika mtengo ya malo ochepa, amasankha zoika ndi zosiya, ndipo zizindikiro pafupifupi chikwi za akatswiri a masamu sizikhala patsogolo pa mzere. Kunena zoona, ndikanakhala ine ndikanazisiyanso. Pa foni yotere, ngati ili ndi zizindikiro zakale zija koma ilibe za 2001, Thokozani wathu amaoneka chonchi: □□ℴ□ℴ□□□□. Ma o awiri aja apulumuka okha, ngati mbuzi ziwiri zotsala m'khola.

Mukaona dzina laphwanyika, kaphwanyikidwe kake kamakuuzani pamene pavuta. Mabokosi amatanthauza kuti nambala yafika bwinobwino, chasowa ndi chithunzi. Mukakopera mabokosiwo n'kutumiza ku foni ina, dzina lituluka. Zizindikiro za funso, ????, ndi nkhani ina, imeneyo ndi imfa. Zimatanthauza kuti panjira dzinalo linadutsa m'dongosolo limene silitha kusunga nambala zazikulu chonchi, ndipo linalembapo funso m'malo mwake, moti palibe foni imene ingalidzutse. Chilembo wamba chimatenga bayiti imodzi, cha masamu chimatenga mabayiti 4, ndipo malo ambiri akale osungira deta, monga MySQL yokonzedwa ndi `utf8` wakale, amalekeza pa mabayiti 3. Apanso o wathu amapulumuka, poti iye ndi wa mabayiti 3 ndendende. Chachitatu ndi kadayamondi kakuda kokhala ndi funso mkati, �. Kameneka kawirikawiri kamaoneka kumapeto kwa dzina, pamene pulogalamu inafupikitsa dzina lalitali n'kudula chizindikiro chimodzi pakati, theka n'kutsala lopanda tanthauzo.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi yankho limene munthu amalandira akanena kuti akungoona mabokosi. “Gulani foni yeniyeni.” Kuseka kumatsatira, ndi timaemoji ta misozi. Ndiye kuti mayi wa kumudzi amene akufuna kudziwa ngati meseji yachokera kwa mwana wake, kapena mnyamata wa kabaza amene foni yake ndi yogula kwa wina, asinthe foni kuti aone michira ya pa dzina lanu? Foni yake ikuwerenga Chichewa, ikuwerenga Chingerezi, ikutumiza ndalama, ikugwira ntchito yonse imene anaigulira. Chimene yalephera ndi kujambula masamu a ku yunivesite pamalo pamene pamayenera kukhala dzina la munthu. Wolakwa pamenepa si foni.

Ngati dzina limenelo mumaliikanso pansi pa ma SMS, pamenepo mumalipira ndi mayunitsi anu. SMS imodzi ya zilembo wamba imanyamula 160. Mukangolowetsamo chizindikiro chimodzi chachilendo, meseji yonse imasamukira ku kalembedwe kena konyamula 70 zokha, ndipo ikagawika, chidutswa chilichonse chimatenga 67. Chizindikiro cha masamu chimadya malo awiri. Meseji ya zilembo 150 yosainidwa Thokozani wamba ndi 159, SMS imodzi. Yomweyo yosainidwa ndi wamichira ndi 166 pa sikelo yaing'onoyo, ma SMS atatu.

Pali mtsutso umodzi umene ndimaulemekeza, ndipo umachokera kwa anzanga odziwa makompyuta. Iwo amati, vuto ndi la opanga mapulogalamu owerenga, akonze zinthu zawo. Unicode yomweyo inalemba kuti 𝒯 ndi m'bale wake wa T, ndipo pali njira yodziwika, yotchedwa `NFKC`, yobwezera zizindikiro zoterezi ku zilembo wamba. Amene ali ndi Python ayese:

```python
import unicodedata
print(unicodedata.normalize("NFKC", "𝒯𝒽ℴ𝓀ℴ𝓏𝒶𝓃𝒾"))
```

Atuluka Thokozani woyera bwino. Ndipo n'zoona kuti zinthu zikusuntha: NVDA inawonjezera njira imeneyi mu 2024, ndipo pa mafoni ena atsopano dzina lamichira limatha kuwerengeka bwino. Koma mtsutsowu uli ndi mabowo awiri.

Bowo loyamba n'lakuti mankhwalawa amapha china. Pulogalamu ikamasandutsa chizindikiro chilichonse cha masamu kukhala chilembo wamba, wophunzira wosaona amene akuwerenga masamu enieni samvanso kusiyana kwa ℝ ndi R. Zizindikirozi anazipangira iyeyo ndi aphunzitsi ake. Tikuuza opanga mapulogalamu kuti asankhe pakati pa kumuwerengera bwino samu ndi kumuwerengera bwino dzina la pa TikTok, pamene kusankhako sikukanafunika tikanasiya zizindikiro za eni ake.

Bowo lachiwiri ndi lalikulu. Njira ija imagwira pa zizindikiro zokhala ndi ubale wolembedwa m'kaundula basi, ndipo masitayilo ambiri otchuka alibe ubale umenewo. Taonani ᴛʜᴏᴋᴏᴢᴀɴɪ, kalembedwe ka tizilembo tatikulu koma tatifupi kamene ambiri amakaona ngati kaulemu, kosadzionetsera. Timeneti si ta masamu. Ndi zizindikiro za akatswiri a zinenero zolembera kamvekedwe ka mawu, ndipo ʜ, ɴ ndi ɪ m'menemo chilichonse chimaimira liwu lakelake. Mukaziika mu `NFKC` zimatuluka mmene zinalowera. Ndiye pali masitayilo ongotola paliponse pamene pali nkhope yofanana. Ꭰ amene mukumuona ngati D ndi chilembo cha Chicherokee, ndipo amatchulidwa “a”. И amene achinyamata amamuika ngati N wotembenuka ndi “i” wa Chirasha. ค ndi wa Chithai, ndipo alibe chochita ndi a. Timapiko tija ꧁ ꧂, totchuka m'mayina a osewera magemu a pa foni, ndi zizindikiro za kalembedwe ka Chijava ka ku Indonesia. Pulogalamu ikakumana ndi chilembo cha Chirasha n'kuchitchula Chirasha, kapena n'kudumphira ku liwu la chinenero china pakati pa dzina, sikuti yasokonekera. Yawerenga zimene mwalemba. Palibe kukonza kumene kungaiphunzitse kuti “i” wa Chirasha akhale N akakhala m'dzina lanu, koma akhalebe “i” akakhala m'dzina la munthu wa ku Moscow.

Ena amati dzina ndi langa, ndichita nalo zimene ndikufuna. Zoona, palibe akukumangani. Koma dzina ndi katundu wodabwitsa, mwini wake ndi inu koma oligwiritsa ntchito ndi anthu ena. Ndipo apa ndikulankhula makamaka ndi inu a mabizinesi a pa foni, ogulitsa mawigi, makeke, nsapato za kaunjika, amene mumakonda kwambiri michira imeneyi poganiza kuti ikupatsani kalasi. Kasitomala wamva za inu kwa mnzake, watsegula pofufuzira, walemba dzina lanu ndi kiyibodi wamba. Iye watumiza `U+0054`, inu munasunga `U+1D4AF`. Ngati pulogalamuyo imayamba yabweza zizindikiro ku zilembo wamba isanafananize, mwapezeka. Ngati siichita zimenezo, kapena sitayilo yanu ndi ya zobwereka ku Chithai zija, kwa iye kulibe munthu wotero. Simudzadziwa n'komwe, chifukwa kasitomala amene sanakupezeni sabwera kudzadandaula. Chimodzimodzi pofuna kukutchulani pa gulu ndi @, kapena pokufufuzani m'mayina a mu foni.

Kufuna kukongola si tchimo, ndipo njira zosaphwanya dzina zilipo. M'meseji ya WhatsApp, mawu mukawaika pakati pa nyenyezi ziwiri, `*chonchi*`, amanenepa, mukawaika pakati pa timizere tapansi, `_chonchi_`, amapendekeka. Kumeneko ndiye kuvala kwenikweni, zilembo zimakhala zomwezo, TalkBack imawerenga bwinobwino, pofufuza zimapezeka. Pa dzina penipeni njira imeneyi palibe, ndiye michira yonse imene mtima wanu ukufuna ipite pa chithunzi cha pulofailo kapena pa logo, pamene ndi chithunzidi ndipo sichinamizira kukhala mawu. Emoji imodzi kumapeto kwa dzina imawerengedwa ndi dzina lake lalifupi, munthu amapirira. Zikakhala 6 ndiye mwayambanso zomwe zija.

Amene akukayika ayese yekha, sizitenga mphindi zambiri. Koperani dzina lanu lokongolalo, muliike mu pulogalamu yolembamo manotsi, kenako mulifufuze polemba dzina lomwelo ndi kiyibodi. Mukatero pitani ku `Settings`, `Accessibility`, muyatse `Select to Speak` kapena TalkBack, mumvere mmene foni ikukutchulirani. Ndi TalkBack samalani, ikayaka chilichonse chimafuna kugogoda kawiri, kuphatikizapo batani lozimitsira. Ikakutchulani bwino musafulumire kuvina, mwangotsimikiza za foni yanu yokha, ndi liwu limene lili m'menemo. Bwerekani ya agogo kapena ya mlonda wa pa geti muone.

Chomaliza chimene ndimafuna anzanga okonda michira achione ndi cha ife eni Chichewa. Zizindikiro za masamu zija zili ndi A mpaka Z wa Chingerezi, zilembo za Chigiriki ndi manambala, basi. Mulibe ŵ. Chida chija chikakumana naye sichidziwa chochita, kawirikawiri chimangomusiya mmene alili, ndiye dzina la dziko limatuluka 𝓜𝓪𝓵𝓪ŵ𝓲, chilembo chimodzi chili ndi zovala za kumunda pakati pa anzake a masuti. Anthu akhala akuvutika zaka zambiri kuti ŵ ameneyu azipezeka pa makiyibodi ndi m'mafonti, ndipo lero mafoni ambiri, ngakhale otsika mtengo, amamujambula. Pa foni ija yopanda fonti ya masamu, chimene chimaoneka ndi □□□□ŵ□.